Kuphunzitsa kompyuta kupeka mayina omveka ngati a ku Mzimba

Munthu amene wayendapo m'boma la Mzimba amazindikira msanga kuti mayina ambiri a malo kumeneko amafanana kamvekedwe. Kummwera kwa bomali kuli Embangweni, Emfeni ndi Edingeni, kumene kuli likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Mukalowera kumpoto mukumana ndi Euthini, Ekwendeni ndi Enukweni. Onsewa amayamba ndi E ndipo amatha ndi -eni kapena -ini. Umu ndi mmene Chingoni chimapangira dzina la malo, ndipo Angoni a Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835 anabwera nako kapangidweka kuchokera kummwera. Abale athu opita ku Joni amakumana nakonso pa dzina loti eThekwini, lomwe ndi dzina la Chizulu la mzinda wa Durban.

Mwana wokulira ku Mzimba, ngakhale sadziwa Chingoni, mutamuuza kuti apeke dzina la mudzi wongoganizira angapeke lomveka bwino, chifukwa khutu lake linazolowera. Kompyuta nayo ingathe kuzolowera chomwecho. Njira imodzi yochitira zimenezi ndi kupanga pulogalamu yaing'ono yophunzira chiyankhulo chilembo chimodzichimodzi, pogwiritsa ntchito makina a masamu otchedwa LSTM. Ntchitoyi imatheka pa laputopu wamba, ndipo mayina a ku Mzimba ndi chitsanzo chabwino chifukwa amaonetsa poyera chimene LSTM inapangidwira.

Funso limodzi lokha

Pulogalamu yotereyi imayankha funso limodzi basi: poona zilembo zimene zalembedwa kale, kodi chilembo chotsatira chingakhale chiti? Siyankha ndi chilembo chimodzi ayi. Imapereka mwayi wa chilembo chilichonse, monga kunena kuti mwayi wa i ndi theka, wa g ndi wocheperapo, wa q ndi pafupifupi palibe.

Tisanafike pa LSTM, tiyeni tiyese ndi pensulo. Titenge mayina 12 a m'boma la Mzimba: Embangweni, Edingeni, Emfeni, Ekwendeni, Euthini, Enukweni, Jenda, Luwerezi, Manyamula, Champhira, Kafukule ndi Mzimba. Chilembo cha n chikupezeka ka 12 m'mayinawa. Mukawerenga chimene chikubwera pambuyo pake, mupeza i ka 6, g kawiri, d kawiri, u kamodzi ndi y kamodzi. Choncho n ikatuluka, mwayi woti i itsatire ndi 6 mwa 12. Mukachita chimodzimodzi ndi zilembo zina zonse, ndiye kuti mwapanga kale pulogalamu yolosera chilembo, ya papepala. Nzeruyi si yatsopano. Katswiri wa masamu wa ku Russia, Andrey Markov, anawerenga pamanja zilembo 20,000 za ndakatulo ya Pushkin yotchedwa Eugene Onegin mu 1913, pofuna kuona mmene mavawelo ndi makonsonanti amatsatirana.

Vuto la kuwerengera kotereku ndi kuiwala. Popeza chimene chikuonedwa ndi chilembo chimodzi chapambuyo, gome lathu likhoza kutulutsa "Enda", chifukwa e-n, n-d ndi d-a zonse zilipo m'mayina 12 aja. Likhozanso kutulutsa "Jendeni". Dzina loyambalo layamba ngati la Chingoni koma latha ngati Jenda, ndipo linalo lachita zosemphana. Pa Embangweni, kuchokera pa E woyamba kukafika pa i womaliza pali masitepe 9. Kuti mathero agwirizane ndi chiyambi, pafunika chinthu chimene chingasunge uthenga wakuti "dzinali linayamba ndi E" mtunda wonsewo osautaya.

Kusonkhanitsa ndi kutsuka mayina

Mayina 12 ndi ochepa kwambiri. Pafunika mazana, ndipo angachokere pa mindandanda ya sukulu za pulayimale, midzi, mipingo ndi misika. Tiyerekeze kuti mwasonkhanitsa 500 ndipo mwawalemba m'fayilo imodzi, dzina limodzi pamzere uliwonse.

Kutsuka mndandandawu n'kotopetsa koma n'kumene ambiri amagwa. Zilembo zonse zikhale zazing'ono, chifukwa kwa kompyuta E ndi e ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chizindikiro cha m'mwamba cha pa dzina la M'mbelwa chimabwera mitundu iwiri, choongoka ndi chopindika, malingana ndi foni kapena kompyuta imene munthu analembera, ndiye musankhe mtundu umodzi n'kusintha zonse. Chilembo cha ŵ, chomwe chimapezeka kwambiri m'Chitumbuka, nacho chimasungidwa m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w ndi kachipewa kake padera. Pamaso n'zofanana, koma pulogalamu idzaona kachipewako ngati chilembo chapachokha n'kumakaika pamwamba pa chilembo china chilichonse. Mzere wa `unicodedata.normalize("NFC", dzina)` umathetsa zimenezi. Zilembo za q ndi c musazichotse poganiza kuti ndi zolakwika, chifukwa Mqocha ndi Engucwini ndi mayina enieni.

Mukatero mutsala ndi zizindikiro pafupifupi 30: zilembo 26, ŵ, chizindikiro cha m'mwamba chija, mpata wa pakati pa mawu, ndi kadontho. Kadonthoko timakaika ife kumayambiriro ndi kumapeto kwa dzina lililonse kuti pulogalamu iphunzire poyambira ndi polekezera. Chizindikiro chilichonse chipatsidwe nambala yake, kadontho kakhale 0.

Tsopano dzina lililonse limasanduka mafunso ndi mayankho. Jenda amapereka mafunso 6. Kadontho kakaoneka yankho ndi j, zikaoneka ".j" yankho ndi e, zikaoneka ".je" yankho ndi n, mpaka pa ".jenda" pamene yankho ndi kadontho. Palibe munthu wolemba mayankho padera, popeza mayankhowo ndi dzina lomwelo litasunthidwa ndi malo amodzi.

Chomaliza, chotsani mayina obwerezedwa, kenako patulani 50 n'kuwabisa. Pulogalamu iphunzire pa 450 otsalawo. Obisidwawo ndiwo mayeso, ndipo tidzawafuna kutsogoloku.

Mkati mwa LSTM

Dzina la LSTM ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za chikumbukiro chakanthawi koma chokhalitsa. Anaipanga Sepp Hochreiter ndi Jürgen Schmidhuber mu 1997, ndipo patapita zaka zochepa Felix Gers ndi anzake anaonjezerapo chipata choiwalira chimene tikugwiritsa ntchito lero.

LSTM imawerenga chilembo chimodzi pa nthawi, ndipo imanyamula mzere wa manambala kuchoka pa chilembo china kupita pa chotsatira. Mzerewu ndi chikumbukiro chake. Ganizirani bolodi ya m'kalasi yogawidwa timabokosi 64, bokosi lililonse lokhala ndi nambala imodzi. Chilembo chatsopano chikafika, zipata zitatu zimagwira ntchito pa bokosi lililonse. Chipata choiwalira chimanena kuchuluka kwa zakale zimene zitsale. Chipata cholowetsera chimanena kuchuluka kwa zatsopano zimene zilembedwe. Chipata chotulutsira chimanena kuchuluka kwa zimene zili pabolodi zoti zigwiritsidwe ntchito polosera panopa. Chipata chilichonse ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1, pamene 0 ndi kutseka ndipo 1 ndi kutsekula kwathunthu. M'masamu zimalembedwa chonchi:

```
c = f * c_kale + i * g
h = o * tanh(c)
```

Apa `c` ndi bolodi ija, `f`, `i` ndi `o` ndi zipata zitatuzo motsatana, `g` ndi uthenga watsopano, ndipo `h` ndi chimene chikutuluka.

Mphamvu yonse yagona pa `f`. Tinene kuti bokosi lina lalemba 1 litaona E koyambirira kwa Embangweni. Chipata choiwalira chikakhala pa 0.5 nthawi zonse, nambalayo idulidwa pakati ka 9, ndipo pofika kumapeto yatsala 0.002, kutanthauza kuti uthenga watayika. Chikakhala pa 0.99, pofika kumapeto yatsala 0.91, ndipo pulogalamu ikudziwabe kuti dzinali liyenera kutha ndi -eni kapena -ini. Palibe munthu amene amauza bokosilo kuti lisunge E. Zipatazo zimawerengedwa kuchokera pa chilembo chimene chafika ndi `h` wam'mbuyo, kudzera m'manambala amene amasinthidwa pophunzira. Ngati kusunga E kukuthandiza kulosera bwino, manambalawo amasunthira komweko pang'onopang'ono. Sizitanthauza kuti mukatsekula mkati mupezadi bokosi limodzi la E yekha. Kawirikawiri uthengawo umamwazikana m'mabokosi angapo.

M'chiyankhulo cha Python, pogwiritsa ntchito PyTorch, makina onse ndi awa:

```python
class Makina(nn.Module):
    def __init__(self, V=30):
        super().__init__()
        self.emb = nn.Embedding(V, 16)
        self.lstm = nn.LSTM(16, 64, batch_first=True)
        self.out = nn.Linear(64, V)

    def forward(self, x, h=None):
        y, h = self.lstm(self.emb(x), h)
        return self.out(y), h
```

Gawo loyamba limasandutsa chilembo chilichonse kukhala manambala 16. Lachiwiri ndi LSTM ya timabokosi 64. Lachitatu limatenga zotuluka mu LSTM n'kupereka malikisi 30, amodzi pa chizindikiro chilichonse. Manambala onse osinthika m'makinawa alipo 23,422, ndipo mwa amenewa 20,992 ali mu LSTM. Chiwerengerochi muchisunge m'mutu.

Kuphunzitsa, ndi kudziwa ngati yangoloweza

Kuphunzitsa ndi kubwereza zinthu zitatu: pulogalamu ilosere, ipatsidwe chilango molingana ndi kuphonya kwake, kenako manambala 23,422 aja asunthidwe pang'ono kuti chilangocho chichepe.

```python
opt = torch.optim.Adam(m.parameters(), lr=0.003)
for dzina in ophunzirira:
    n = torch.tensor([[nambala[c] for c in "." + dzina + "."]])
    z, _ = m(n[:, :-1])
    loss = F.cross_entropy(z[0], n[0, 1:])
    opt.zero_grad()
    loss.backward()
    opt.step()
```

Chilangocho ndi nambala imene yalembedwa `loss`, ndipo chimadalira mwayi umene pulogalamu inapereka ku chilembo cholondola. Ikapereka theka, chilango ndi 0.69. Ikapereka 1 mwa 100, chilango ndi 4.6. Ikakhala yotsimikiza ndipo yalondola, chilango ndi pafupifupi 0. Pulogalamu imene sinaphunzire kanthu imagawa mwayi mofanana, 1 mwa 30, ndipo chilango chake ndi 3.4. Choncho nambala yoyamba kuoneka pakompyuta iyenera kukhala pafupi ndi 3.4. Ikakhala kutali kwambiri, pali cholakwika m'makonzedwe ndipo musapitirire. Ikagwa mpaka pafupi ndi 0 m'kanthawi kochepa, musakondwere: nthawi zambiri zikutanthauza kuti mwaiwala kusuntha mayankho ndi malo amodzi, ndipo pulogalamu yangophunzira kukopera chilembo chimene mwaipatsa.

Kudutsa mayina 450 kamodzi kumatenga masekondi ochepa. Mumadutsa kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse muzisakaniza mayinawo kuti asamabwere mu ndondomeko imodzimodzi.

Apa ndi pamene ife ophunzira zauphunzitsi tiyenera kutchera khutu, chifukwa vuto lake timalidziwa. Mwana amene waloweza mayankho a mapepala a mayeso akale amakhoza bwino mukamufunsa mafunso omwewo, koma mukasintha funso pang'ono amasowa chonena. Makina athu ali ndi manambala osinthika 23,422. Ngati dzina lililonse lili ndi zilembo pafupifupi 8, kuphatikizapo kadontho ndi mafunso 9, ndiye kuti mayina 450 akupereka mafunso ongopitirira 4,000. Malo osungira ndi ochuluka kuposa zophunzira kasanu ndi kupitirira. Makina otere amatha kuloweza mndandanda wonse, ndipo mukawasiya adzaterodi.

Mayina 50 obisidwa aja ndiwo amaulula. Mukatha ulendo uliwonse, yesani chilango pa obisidwawo koma osasintha nambala iliyonse. Poyamba zilango ziwirizi zimatsikira limodzi, chifukwa pulogalamu ikuphunzira zinthu zoona pa mayina onse: kuti vawelo imatsatira konsonanti, kuti mb, nd ndi ng zimayendera limodzi, kuti dzina limatha ndi vawelo. Kenako pamafika pamene chilango cha ophunzirira chikupitirira kutsika koma cha obisidwa chaima, n'kuyamba kukwera. Kuyambira pamenepo pulogalamu ikuloweza. Makina oyenera kusunga ndi a ulendo umene chilango cha obisidwa chinali chotsikitsitsa, osati a ulendo womaliza.

Palinso chizindikiro china chimene ndimachikonda chifukwa chimawerengeka pasadakhale. Ngakhale pulogalamu italoweza mayina onse 450, singadziwe kuti dzina likubweralo ndi liti mpaka zilembo zingapo zitaoneka, choncho chilango sichingafike pa 0. Chochepetsetsa ndi pafupifupi 6.1 pa dzina lonse, ndipo mukachigawa pa mafunso 9 chikhala pafupifupi 0.7 pa chilembo. Mukaona chilango cha ophunzirira chikuyandikira 0.7, dziwani kuti palibenso chotsala choloweza.

Mankhwala ake ndi atatu ndipo mphamvu zawo n'zosiyana. Kuima msanga n'kwaulere. Kuchepetsa timabokosi kuchoka pa 64 kufika pa 32 kumatsitsa manambala osinthika kufika pa 7,870. Koma oposa onse ndi kuonjezera mayina, ndipo m'maganizo mwanga sabata imodzi yosonkhanitsa mayina a midzi imapindula kuposa sabata yosinthasintha manambala a m'pulogalamu.

Kutulutsa mayina atsopano

Makina ophunzitsidwa salemba okha. Amangopereka mwayi wa chilembo chotsatira, ndipo ife ndi amene timasankha. Timawapatsa kadontho, timasankha chilembo malingana ndi mwayi umene apereka, timawabwezera chilembocho, n'kumapitirira mpaka kadontho katulukenso.

```python
x, h, dzina = torch.tensor([[0]]), None, ""
while len(dzina) < 20:
    z, h = m(x, h)
    p = torch.softmax(z[0, -1] / T, dim=0)
    x = torch.multinomial(p, 1).view(1, 1)
    if x.item() == 0:
        break
    dzina += zilembo[x.item()]
```

Onetsetsani `h` pa mzere wachitatu. Akulowa ndi kutuluka ulendo uliwonse, ndipo ndiye wanyamula chikumbukiro chonse. Mukamuiwala, makina adzaona chilembo chilichonse ngati palibe china chinabwera m'mbuyo mwake, ndipo mudzapeza zosokonekera ngakhale chilango chinali chabwino pophunzira. Malire a 20 ndi oteteza kuti pulogalamu isalembe mpaka kalekale ngati kadontho kachedwa.

Wina angafunse kuti bwanji osangotenga chilembo cha mwayi waukulu nthawi zonse. Yesani pa gome la mayina 12 lija. Chilembo choyamba chofala ndi e. Pambuyo pa e chofala ndi n, pambuyo pa n ndi i, ndipo pambuyo pa i ndi kadontho. Dzina lotuluka ndi "Eni", ndipo mukayesa ka 100 mudzapeza "Eni" ka 100. LSTM idzapereka dzina lalitaliko, koma nalonso lidzakhala limodzi lomwelo nthawi zonse. N'chifukwa chake timachita maere. Lamulo la `torch.multinomial` lili ngati kupisa dzanja m'thumba la timapepala 12, pamene 6 talembedwa i, tiwiri g, tiwiri d, kamodzi u ndi kamodzi y.

Nambala ya `T`, imene akatswiri amaitcha kutentha, imasintha zimene zili m'thumbamo popanda kuphunzitsanso makina. Ikakhala 1, mwayi umakhala mmene makina aperekera, i ali ndi 50 pa 100 ndipo u ali ndi 8 pa 100. Ikakhala 0.5, zili ngati kuchulukitsa chiwerengero chilichonse ndi chokha: 6 asanduka 36, 2 asanduka 4, 1 akhalabe 1, ndipo zonse pamodzi ndi 46. Tsopano i ali ndi 78 pa 100 ndipo u watsikira pa 2. Ikakhala 2, kusiyana kumachepa: i atsikira pa 34 pa 100 ndipo u akwera kufika pa 14.

Zotsatira zake zimaoneka pamaso. Kutentha kukatsika, mayina amatuluka omveka bwino koma obwerezabwereza, ndipo ambiri amakhala omwe aja a pamndandanda. Kukakwera kupitirira 1, makina amayamba kusankha zilembo zimene iwo omwe anaziona kuti n'zokayikitsa, ndipo popeza chilembo chilichonse chosankhidwa chimabwereranso mkati, cholakwika chimodzi chimabala china mpaka dzina lisatchulike. Poyambira pabwino ndi pakati pa 0.7 ndi 1.

Poweruza zotuluka musadalire mayina asanu amene akukomerani. Tulutsani 200 n'kuwerenga zinthu ziwiri. Choyamba, ndi angati amene ali kale pa mndandanda wa 450. Akachuluka, makina aloweza kapena kutentha kwatsika kwambiri. Chachiwiri, mwa amene ayamba ndi E ndipo ndi atsopano, ndi angati atha ndi -eni kapena -ini, poyerekeza ndi amene ayamba ndi zilembo zina. Kusiyanako kukakhala kwakukulu, ndiye umboni woti chikumbukiro chanyamula E mpaka kumapeto, chinthu chimene gome la papepala linalephera.

Dzina lopekedwa chonchi limangokhala ndi kamvekedwe. Makina sadziwa kuti pakati pa E ndi -eni pamakhala liwu la Chingoni lokhala ndi tanthauzo, choncho pakatipo adzaikapo maphatikizo alionse omveka bwino. Amatengeranso mndandanda umene mwawapatsa: mukasonkhanitsa kwambiri kumene kuli mayina a Chingoni, a Chitumbuka adzatuluka mwa apo ndi apo, ngakhale kuti m'bomamo ndi ambiri.

Makina omwewa amaphunziranso ziganizo zathunthu, kungoti chakudya chake chimachuluka. Mu 2015 Andrej Karpathy anatulutsa pulogalamu yotchedwa char-rnn, ndipo chitsanzo chimene chimabwera nayo ndi zolemba za Shakespeare za zilembo zopitirira pang'ono 1 miliyoni, zokhala ndi zizindikiro 65. Wofuna kuyesa ndi Chichewa kapena Chitumbuka afunika zolemba zochuluka chomwecho, azidule m'zidutswa za zilembo pafupifupi 100, ndipo akweze timabokosi kufika pa 256 kapena 512. Choyenera kuyang'ana pamenepo n'chofanana ndi E ndi -eni uja: ngati chiganizo chayamba ndi "chimanga", kodi mneni wobwera patatha zilembo 20 wayamba ndi chi-, kapena makina aiwala n'kulemba a-?